Andisankha kulankhula pa asembule za kubera mayeso, ndithandizeni mawu

Nabanda_G12
Moni makolo ndi achimwene onse a pa gulu lino. Ndine mwana wa giredi 12, timakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo amayi anga ndi amene andiuza kuti ndifunse pano. Ndili mu RCL, komiti yoimira ophunzira ya pasukulu pathu, ndiye ahedi andipatsa mphindi 5 Lolemba pa asembule kuti ndilankhule ndi anzanga za kubera mayeso tisanayambe mapirelimu, mayeso oyeserera aja. Chifukwa chake n'choti teremu yatha tesiti ya Fizikisi inajambulidwa pa foni n'kuyenda pa WhatsApp usiku woti mawa tilemba. Tilipo 30 m'kalasi, ndipo pafupifupi theka anaiona. Ine inandifika koma sindinatsegule. Ndinapeza 64, pomwe ena amene chaka chonse sanadutsepo 45 anapeza ma 80.

Ndalemba kale mawu, m'Chichewa kaye chifukwa ndi momwe mutu wanga umayendera, kenako ndiwaika m'Chingerezi. Akuyamba chonchi: "Anzanga, kubera mayeso ndi kudzinamiza wekha. Udzapeza satifiketi koma m'mutu mulibe kanthu." Ndawerengera mng'ono wanga wa giredi 9 ndipo wangoti, "Ndiye ngati akudzinamiza okha, inu zikukukhudzani chiyani?" Ndasowa choyankha. Mumtima ndikudziwa kuti anandilakwira, koma sindikutha kusonyeza chimene anandibera.

Che_Mayfair
Mwanawe, mng'ono wakoyo ndi wanzeru, usamukalipire. Funso lakelo ndi lomwe anzako 30 aja adzakhale nalo m'mitima uli pa maikolofoni.

Gogo_wa_Turffontein
Ingowauza kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Kwathu ku Nkhotakota timatero, ndipo mwana aliyense amamva.

Fiziki_Malvern
Agogo, mwambiwo ndi woona, koma ana a kuno akamva za nsomba angoyang'ana pansi. Akufunika aone malikisi awo akuchoka. Nabanda, ine ndaphunzitsa Fizikisi ya matiriki kuno zaka zingapo, ndipo yankho la mng'ono wako lilipo, lili m'manambala a kalasi yako yomweyo.

Ukudziwa kuti pa Fizikisi malikisi ako omaliza, magawo 75 pa 100 amachokera ku mayeso a Novembala, ndipo 25 otsalawo ndi SBA, ntchito ya pasukulu chaka chonse, momwe muli tesiti inabedwa ija komanso mapirelimu akubwerawa. Chimene ana ambiri sadziwa n'choti malikisi a SBA sapita pa satifiketi momwe aphunzitsi awalembera. Amayamba ayerekezedwa kaye. Amatenga avereji ya SBA ya sukulu yanu pa phunzirolo, n'kuiika pambali pa avereji imene ana omwewo apeza pa mayeso a Novembala. Malamulo a Umalusi, bungwe loyang'anira mayeso kuno, amalola kuti SBA ikhale pamwamba pang'ono, pakati pa 5 ndi 10, chifukwa mwana amachita bwinoko pa ntchito ya m'kalasi kusiyana ndi m'holo. Koma ikakwera kupitirira 15, amaitsitsa mpaka ikhale 5 yokha pamwamba pa avereji ya mayeso. Ndipo potsitsa safufuza kuti wabera ndani. Amatsitsa kalasi yonse.

Tiyerekeze ndi kalasi yanu. Ana 15 oona mtima avereji yawo ya SBA ndi 52. Ana 15 amene akhala akuonera chaka chonse avereji yawo ndi 78. Kuphatikiza, kalasi ili pa 65. Novembala wafika, mafoni atsala panja, kalasi yonse yapeza avereji ya 45. Kusiyana ndi 20. Ndiye 65 ija iyenera kutsika kufika pa 50, kutanthauza kuti aliyense achotsedwe pafupifupi 15. Pakanapanda kubera, kalasi ikanakhala cha pa 52, kusiyana ndi 45 kukanakhala 7, ndipo palibe amene akanakhudza malikisi anu.

Nabanda_G12
Aphunzitsi, ndiye 64 yanga ija ikhoza kukhala 49? Ine osatsegula n'komwe chithunzi chija?

Fiziki_Malvern
Ngati SBA yako ya chaka chonse ingathere pa 64, ndipo kubera kwake n'kwa chaka chonse monga m'chitsanzo changachi, inde, cha pamenepo. Kawerengedwe kenikeni kamaonanso momwe malikisi atalikirana m'kalasi, ndiye sikuti aliyense amachotsedwa 15 ndendende, koma njira yake ndi imeneyo. Tesiti imodzi yokha siingakweze avereji kufika pamenepo. Koma ikabwerezedwa pa mapirelimu, amene amalemera kwambiri mu SBA, mwayandikira.

Tsono ona mapeto ake. Tinene kuti Novembala wapeza 60. Makota atatu a 60 ndi 45. Kota ya 64 ndi 16. Pamodzi 61, levulo 5. Koma SBA ikatsika kufika 49, kota yake ndi 12 ndi pang'ono, pamodzi 57. Imeneyo ndi levulo 4. Pointi imodzi ya APS, mapointi olowera ku yunivesite, yapita, ndipo ngati kosi imene ukufuna ikufuna 60 pa Fizikisi, chitseko chatsekeka chifukwa cha malikisi 4 amene sunawataye iwe. Chondiwawa kwambiri n'choti pa pepala la zotsatira sipalembedwa chilichonse. Mwana amangoona 57 n'kumadziimba mlandu kuti sanawerenge mokwanira.

Mjomba_Uber
Izi ine ndimadziwa kale. Umalusi amakhala ndi nambala ya ana oti akhoze chaka chilichonse. Akabera ambiri, amakweza mulingo, oona mtima n'kugwera pansi. Ndi chimodzimodzi kwathu, malo a ku sekondale ndi owerengeka.

Fiziki_Malvern
Achimwene, mwagwira mchira koma nyama yake ndi ina. Palibe nambala yoikidwa ya ana oti akhoze. Chimene chilipo n'choti malikisi a dziko lonse pa phunziro lililonse amayerekezedwa ndi a zaka zam'mbuyo, kuti pepala likavuta kapena kuphweka mopitirira ana a chaka chimenecho asapwetekeke kapena kupindula. Ana 15 a sukulu imodzi sangasunthe avereji ya dziko lonse. Koma avereji ya kalasi ya anthu 30 amaisuntha ndi dzanja limodzi. N'chifukwa chake ndikuti Nabanda alankhule za SBA. Pa za malo owerengeka mwanena zoona, ku yunivesite ndi momwemo.

Mjomba_Uber
Chabwino aphunzitsi, koma ine ndikuonabe kuti pali nambala imene amabisa.

Mayi_a_Tadala
Nabanda mwana wanga, ine za maavereji sindizitsata, koma ndikuuze zimene zinandichitikira, mwina utolapo kanthu. Mu 2020 mwana wa mchemwali wanga ankalemba MSCE kumudzi, ndipo fizi yake ndinkalipira ndine, ndalama za ntchito ya m'nyumba ku Kensington. Chaka chimenecho sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha korona, mwanayo anakhala miyezi kunyumba akuwerenga ndi tochi. Mayeso atayamba, mapepala anapezeka akuyenda m'mafoni, ndipo kumayambiriro kwa Novembala boma linathetsa mayeso onse dziko lonse. Mwana ameneyu analibe ngakhale foni. Anandiimbira pa foni ya aneba akulira, akuti, "Anti, ine ndalakwa chiyani?" Analembanso mu Januwale 2021, asilikali akulondera mapepala. Ine ndinatumizanso ya thiransipoti, ya chakudya, ya sopo, zonse kawiri, nthawi imene mabwana anali atandidula masiku a ntchito. Ndipo mwezi wa Disembala wonse m'malo mothandiza amayi ake kubzala anali pa mabuku omwe anawamaliza kale. Anakhoza, koma mpaka lero ndikamva munthu akuti wobera amadzipweteka yekha, ndimakumbuka kulira kuja.

Kabaza_Yeoville
Chaka chomwecho kunonso zinachitika. Masamu pepala lachiwiri ndi Fizikisi pepala lachiwiri zinatuluka mayeso asanalembedwe, ndipo nduna ya maphunziro ya nthawiyo, Angie Motshekga, inalengeza kuti dziko lonse lilembenso pa 15 ndi 17 Disembala. Mwana wa bwana wanga anali atabweza kale mabuku kusukulu. Khothi la ku Pretoria ndi lomwe linaletsa, pa 11 Disembala. Sabata yonse ija mwanayo sankadya.

Achimwene_a_Fordsburg
Pepani kulowerera, pali amene akudziwa ngati MSCE imafunikabe kupita ku SAQA munthu akafuna kulowa koleji kuno? Mng'ono wanga ali ndi mapointi 22.

Che_Mayfair
Imafunika, koma tsegulani nkhani yanu ina achimwene, mwanayu ali ndi Lolemba.

Kabaza_Yeoville
Mapointi 22 si oipa. Ndilembereni kumbali ndikuuzeni momwe tinayendera ndi wathu.

Wa_ku_Mangochi_77
Ine ndinena zimene ena akuopa kunena. Nabanda, usalankhule. Uza ahedi asankhe mwana wina. Iwe ndiwe Mmalawi pa sukulu ya eni dziko. Ukaima pamenepo n'kunena za tesiti ya Fizikisi, aliyense adziwa anthu amene ukuwanena, ndipo pofika nthawi ya buleki udzakhala ndi dzina la impimpi, wokaneneza anzake. Ahedi akaweruka amakwera galimoto, iwe umayenda wapansi. Malikisi 4 si ofanana ndi moyo wako. Ife tinabwera kuno kudzasaka, osati kudzakonza sukulu za anthu.

Mayi_a_Tadala
Bambo, mantha anuwo ndikuwamva, inenso ndine kholo. Koma mwanayu anasankhidwa ndi anzake omwewo kulowa mu RCL. Si mlendo wongodutsa. Ndipo tikamaphunzitsa ana athu kuti akaberedwa azikhala chete chifukwa ndi alendo, adzakhala chete mpaka liti?

Wa_ku_Mangochi_77
Mpaka atatenga satifiketi n'kuchokapo ali bwinobwino, amayi. Yatsala miyezi itatu yokha.

Namwino_Hillbrow
Nonse awiri muli ndi mfundo, koma ndikuona kuti mukusakaniza kulankhula ndi kuneneza. Palibe amene wapempha mwanayu kutchula maina. Nabanda, usatchule tesiti ija, usatchule phunziro, usayang'ane mbali imene iwo amaima. Sintha manambala, unene kuti "kalasi ina ya ana 40." Amene akudziwa adzimva okha.

Ndipo ndikupemphe chinthu china. Usalankhule ndi oberawo. Iwo anasankha kale, ndipo mphindi 5 sizingawatembenuze. Lankhula ndi apakati, amene sabera koma amasendeza pepala pang'ono kuti mnzawo aone, kapena amangotumiza chithunzi kwa wina poganiza kuti akuthandiza. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndili fomu 4 mnzanga wapamtima ankakhala kumbuyo kwanga, ndipo pa mayeso a moko ndinkaika pepala langa m'mphepete mwa desiki. Ndinkati ndi chikondi. Aphunzitsi a Bayoloje ataona kuti kalasi yachita bwino pa mutu wa majini, anati sitibwerezanso, tipite kutsogolo. Panali atsikana atatu amene mutuwo unkawavuta ndipo analemba moona mtima n'kulephera. Anaoneka ngati vuto ndi iwo okha, pomwe theka la kalasi silinkaumva mutuwo. Sanathandizidwe, ndipo wina mwa iwo ankafuna unamwino kuposa ine. Zaka zapita koma nkhope yake ndimaionabe.

Fiziki_Malvern
Asisi, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa yanga ija. Ife tikachonga mapirelimu timawerenga funso ndi funso kuti tione pamene ana agwa, ndipo masabata ochepa otsala tisanafike mayeso omaliza timawathera pamenepo. Theka la kalasi likakhoza funso la magetsi mwa kubera, ine ndiona ngati magetsi ali bwino, n'kupita kukabwereza zina. Woona mtima amene magetsi akumuvuta watayidwa, ndipo woberayo wadzitayanso, chifukwa Novembala funsolo libwera ndi manambala ena.

Dalaivala_wa_Park
Koma tinene zoona, enawo amabera chifukwa cha mavuto. Mwana akuchokera ku shifiti ya usiku kumalo odyera, m'nyumba ya chipinda chimodzi anthu 6, magetsi kuzimazima. Wina ali ndi aphunzitsi apadera Loweruka lililonse. Mpikisano wake ndi wosalungama kuyambira pachiyambi. Likasa ndi njira yake yofananitsira.

Nabanda_G12
Ankolo, ifenso tili m'chipinda chimodzi, anthu 5. Ndimawerengera pa masitepe a fulati anthu akagona. Ndipo amene anayamba kutumiza chithunzi chija si wovutika ayi. Ana amene ali ndi aphunzitsi apadera sadzamva kuwawa kwa malikisi 4, ali kale pa ma 80. Amene tili m'malire, pa 59 ndi 61, ndi ife.

Dalaivala_wa_Park
Pamenepo wandigwira, mwanawe. Komabe m'mawu akowo usawanyoze. Ena ndi mantha chabe.

Gogo_wa_Turffontein
Nanga akagwidwa pa mayeso enieniwo amatani nawo? Amangidwa?

Fiziki_Malvern
Agogo, mwana akapezeka wolakwa zotsatira zake zimafafanizidwa, ndipo atha kuletsedwa kulemba mpaka maulendo atatu a mayeso. Foni kungopezeka nayo m'holo ndi mlandu kale, ngakhale ikhale yozimitsa. Koma pa nkhani ya Nabanda chofunika ndi chimene chimachitikira anzake. Ochonga sazindikira kubera chifukwa cha mayankho olondola, poti olondola amafanana mwachibadwa. Amazindikira pa zolakwa. Ana 12 akalemba nambala yolakwika yofanana, kudumpha sitepe yomweyo, ngakhale kufufuta pamalo amodzimodzi, mapepala a senta imeneyo amaikidwa pambali. Pofufuza amayang'ana momwe ana anakhalira m'holo, amafunsa ma invijileta, amaitana ana, ndipo nthawi yonseyo zotsatira zimagwiridwa. Mu matiriki ya 2014 masenta ambirimbiri a ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape anagwiridwa zotsatira chifukwa cha kukopera kwa gulu, ndipo milandu ina inatenga nthawi yaitali kwambiri. Tsono ganizani, zotsatira zimatuluka mu Januwale, ndipo mayunivesite ngati Wits ndi UJ amatsimikiza malo m'masiku ochepa otsatira, chifukwa ofuna malo ndi ochuluka kuposa mipando. Mwana amene dzina lake lidzayeretsedwe mu Malichi adzapeza mpando wake utakhalidwa.

Pali china chimene anzako ayenera kumva: pa nkhani ya pepala lobedwa, ofufuza amatsata magulu a WhatsApp. Nambala yako ikapezeka m'gulu momwe pepala linaponyedwa, udzafunika kufotokoza, ngakhale unali mtulo pamene linkafika. Amene wakuponyera wakuika m'mavuto osakufunsa.

Nabanda_G12
Zikomo nonse. Ndakhala pa masitepe kuyambira 9 koloko ndipo ndalembanso. Chonde onani pakati pakepa:

"Anzanga, sindinabwere kudzakuuzani kuti kubera ndi tchimo, zimenezo munazimva kale. Ndabwera ndi samu imodzi. M'kalasi ina muli mtsikana amene amawerenga anthu onse akagona. SBA yake ndi 64, ndipo Novembala adzapeza 60. Akuyenera kutuluka ndi 61. Koma theka la kalasi yake laonera chaka chonse, avereji yakwera kupitirira imene mayeso omaliza angavomereze, ndipo malikisi a kalasi yonse atsitsidwa. Iye atuluka ndi 57. Kosi yake imafuna 60. Palibe amene adzamuuze chifukwa chake. Adzaganiza kuti ndi wopanda nzeru. Mtsikana ameneyo waima pafupi nanu pompano, mwina ndi amene munagawana naye chakudya dzulo. Ukatumiza chithunzi cha pepala kwa mnzako umati ukumuthandiza, koma malikisi amene ukumupatsawo sakuchokera kumwamba. Ukuwachotsa kwa wina wa m'kalasi mwanu momwemo. Ndipo iwe amene walandira, Novembala udzakhala wekha pa desiki, aphunzitsi atadumpha mutu umene unkafunika kuti akubwerezere, chifukwa unawauza ndi malikisi ako kuti ukuudziwa."

Chimene chandivuta ndi pomaliza. Ahedi akufuna ndinene kuti aliyense woona wina akubera akanene ku ofesi. Ine pakamwa pakulemera.

Namwino_Hillbrow
Mwana iwe, wandiliza. Koma 64 uisinthe, anzako akudziwa kuti ndi yako. Ndipo chotsa mawu oti "tchimo" poyambapo ngati ukuona kuti ena aseka, ungoyamba ndi samuyo.

Fiziki_Malvern
Samu ili bwino. Onjeza mawu oti "pafupifupi" pa 57, kuti mphunzitsi wa Masamu asakugwire pa kadontho. Werenga mokweza ndi wotchi, m'Chingerezi manambala amadya nthawi, ndipo ukanena 61 ndi 57 uime kaye pang'ono kuti alowe. Usaonjezere za 2014 ndi 2020 zonse, sankha imodzi kapena uzisiye. Za kukanena ku ofesi, ine monga mphunzitsi ndikanakonda uzinene, chifukwa pepala likadziwika kuti latuluka tisanalembe timangosintha, palibe amene amapwetekeka. Likadziwika pambuyo ndi pamene kalasi yonse imalembanso.

Wa_ku_Mangochi_77
Ayi aphunzitsi, zimenezo anene ahedi okha ndi pakamwa pawo, ndi ntchito imene amalipidwa. Mwanayu akangonena mawu amenewo, aliyense amene adzagwidwe chaka chino adzati ndi Nabanda. Mawu enawo ndawerenga, ndi abwino, sindikukananso. Koma pamenepo pokha ayi.

Mayi_a_Tadala
Pamenepa ndili mbali ya bambo a ku Mangochi. Apemphe anzake chinthu chimene angathe okha: chithunzi chikafika osatsegula, osatumiza, kutuluka m'gulumo.

Fiziki_Malvern
Kutuluka m'gulu kumateteza iye yekha, amayi. Avereji ikwerabe.

Che_Mayfair
Nanga sukulu ilibe kabokosi koponyamo kalata yopanda dzina? Ngati kalipo, atchule kabokosiko basi, osati ofesi.

Nabanda_G12
Kabokosi kalipo pafupi ndi laibulale koma kali poonekera, aliyense amaona amene akuponya. Mawa pa buleki ndikapempha ahedi kuti akasunthire kukhonde la kuzimbudzi, komanso kuti za kukanena anene okha ndikatsika. Akakana sindikudziwa kuti ndidzatani. Amayi akuti adzandiperekeza Lolemba mpaka pageti asanapite ku ntchito. Aphunzitsi, ndikamaliza kuika m'Chingerezi ndingakutumizireni kumbali kuti muonenso manambala? Ndasintha 64 kukhala 68 ndipo ndikufuna samu ikhalebe yoona.

Fiziki_Malvern
Tumiza. Ndi 68, kota yake ndi 17, pamodzi 62. Ikatsika kufika 53 utuluka ndi 58, ikadali pansi pa 60. Ndikhala maso mpaka 11 koloko, ndikuchonga.